Kalata ziwiri, chidindo chimodzi

Ndimagulitsa chimanga, nyemba ndi nandolo pa boma la Milange, m'chigawo cha Zambezia, kumunsi kwa phiri la Tumbine. Bizinesiyi tinaiyamba ndi malemu amuna anga. Iwo ndiwo ankayendetsa za ndalama, ine ndinkakhala pa sikelo ndi pa kaundula. Makasitomala athu akuluakulu ali ku Mocuba ndi ku Quelimane, ndipo amalipira kudzera ku banki. Ang'onoang'ono ali m'midzi ya ku Majaua ndi ku Mongue, iwowa amatumiza pa foni. Palinso anzathu a tsidya lina la mtsinje, a ku Muloza ndi pa msika wa Limbuli m'boma la Mulanje, amene amabwera ndi makwacha pamanja kapena kutumiza pa foni ya ku Malawi.

Amuna anga anamwalira mu 2023, patangopita miyezi yochepa namondwe wa Freddy atatiwonongera misewu ndi minda. Akaunti imene makasitomala onse ankaidziwa inali m'dzina lawo okha. Banki itangodziwitsidwa za imfayo inaitseka, monga zimakhalira, mpaka mapepala osonyeza olowa m'malo mwa malemu atatuluka. Ndalama zinali momwemo koma sindikanatha kuchotsamo ngakhale metikali imodzi. Nandolo anali atayamba kuuma m'minda, alimi akufuna ndalama pamanja, ndiye ndinatsegula akaunti ina m'dzina langa. Kunatsala kuwauza anthu kuti asiye kulipira kwakale kuja.

Mwana wanga wamwamuna analemba kalata pa kompyuta m'Chipwitikizi. Inali ndi dzina la bizinesi, NUIT yathu, dzina la banki yatsopano, nambala ya akaunti ndi NIB. Ndinasayina, ndinadinda chidindo chathu, iye anaijambula ndi foni n'kuiponya pa gulu la WhatsApp la ochita malonda a mbewu, limene amuna anga analimo kwa zaka zambiri. Tinkaona ngati tapeputsa ntchito. Pa gululo pali ogula, ogulitsa, madalaivala, onyamula katundu, ndi anthu ena amene palibe akudziwa kuti anawalowetsa ndani.

Sabata isanathe, makasitomala anga ena analandira uthenga kuchokera pa nambala yachilendo. Chithunzi cha pa nambalayo chinali chomwe chinali pa yanga nthawi imeneyo, cha malemu, chimene tinagwiritsa ntchito polengeza maliro. Uthengawo unkati foni yanga yawonongeka, ndikugwiritsa ntchito imeneyi kaye, ndipo kalata yoyamba ija inali ndi cholakwika pa NIB, choncho atsatire yokonzedwayi. Pansi pake panali kalata yanga yomwe ija. Mutu wake womwewo, siginecha yanga, chidindo changa chopendekera kumanzere monga ndinachidindira. Chosintha chinali mzere umodzi wokha.

Bambo wina wa ku Mocuba, amene ali ndi chigayo ndipo wakhala akugula kwa ife kuyambira kale, anali atatenga matumba 150 a chimanga a makilogalamu 50, pa mtengo wa mametikali 1,200 thumba limodzi. Zonse pamodzi mametikali 180,000. Anandilonjeza kuti alipira Lachisanu. Lachisanu linadutsa, Lolemba linafika, m'akaunti mulibe kanthu. Ndinachita manyazi kuwakumbutsa chifukwa ndi munthu wamkulu, amene pa maliro anabwera ndi ufa wodzaza galimoto. Lachitatu ndinalimba mtima n'kuimba.

"Bambo, pepani kukuvutitsani. Ndimati ndimve za chimanga chija."

"Mayi, si ndinalipira Lachisanu lomwelo? Ndipo munandiyankha kuti zikomo, Mulungu akudalitseni."

"Ndinakuyankhani pa foni iti, bambo?"

Anakhala chete kwa kanthawi. Kenako anati, "Pa yatsopano ija."

Miyendo inandizizira. Ndinakhala pa thumba la nyemba, foni ili kukhutu, ndikumva chigayo chawo chikulira kumbali kwawoko.

Ndiyenera kufotokoza chifukwa chake bambo wochenjera ngati ameneyu sanakayike, popeza anthu akamva nkhaniyi amafulumira kunena kuti iwo sakanapusitsidwa. Kuno ku malire nambala yatsopano si chinthu chodabwitsa. Pafupifupi aliyense wochita malonda ali ndi makadi awiri kapena atatu: ya Vodacom, ya Movitel, ndi ya Airtel kapena TNM yogwiritsa ntchito akawoloka, mwinanso ali kwawo komwe netiweki ya ku Malawi ikamagwira bwino kuposa yathu. Munthu mmodzi akhoza kukuimbira m'mawa pa nambala yoyamba ndi +258, madzulo pa yoyamba ndi +265, iwe osafunsa kanthu. Komanso aliyense ankadziwa kuti ndaferedwa, kuti za kubanki sindinazizolowere, kuti mutu wanga sunali m'malo. Mayi wamasiye kulakwitsa nambala n'kutumiza ina, ndani akanadabwa? Ndipo chachikulu n'chakuti ine mwini ndinali nditawauza kale kuti akaunti yasintha. Munthu amene wakhala akulipira malo amodzi kwa zaka khumi amadzidzimuka ukamuuza za malo ena. Koma akavomera kusintha koyamba, kwachiwiri amangoti n'kukonza chabe. Akubawo sanafunike kumukhulupiritsa chilichonse chovuta. Ntchito yovutayo ndinali nditawagwirira ndi kalata yanga yoona.

Mauthenga achinyengo akale tonse timawadziwa. Palibe mwini foni m'Mozambique muno amene sanalandirepo uwu, kuchokera pa nambala yosadziwika:

```
Aquele valor manda neste número
```

Ku Malawi nawo ali ndi wawo wonena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Amenewa amangoponya mwachisawawa, kuyembekezera kuti mwa anthu ambirimbiri wina apezeka kuti analidi pafupi kutumiza ndalama kwa m'bale wake. Timawaseka. Wanga uja sunali wachisawawa. Unapita kwa anthu amene anali nane ngongole, pa sabata imene ankayenera kulipira.

Usiku wa Lachitatu lija ine ndi mwana wanga tinaika zithunzi ziwirizo pambali n'pambali, chathu ndi chimene bambo aja anatitumizira. Ukakulitsa chithunzi chabodzacho, manambala a NIB ankaoneka akuda kwambiri kuposa malemba ena onse, ndipo kumbuyo kwake kunali koyera mbee pamene pepala lonse linali lotuwira chifukwa tinalijambula madzulo. Pepala lathu linali ndi mzere wa popinda umene unkadutsa pakati pa manambalawo. Pa chabodzacho mzerewo unkafika pa nambala yoyamba n'kusowa, n'kudzaonekanso kutsogolo kwa yomaliza. Koma zimenezi umaziona ukakhala kuti ukudziwa kale kuti pali bodza. Pa foni yaing'ono, padzuwa, uli pakati pa ntchito, sungazione, ndipo wakuba waluso pang'ono akanazibisa.

Chizindikiro chodalirika chinali m'manambala momwemo, ndipo anatisonyeza ndi mtsikana wa ku banki mawa lake. NIB ya ku Mozambique ili ndi manambala 21, ndipo sanangoikidwa mwachisawawa. Anayi oyambirira amanena banki: ya Millennium BIM imayamba ndi 0001, ya Standard Bank ndi 0003, ya BCI ndi 0008. Anayi otsatira ndi a nthambi, kenako 11 a akaunti, ndipo awiri omaliza ndi otsimikizira, amene amawerengedwa kuchokera pa ena onse aja. Kalata yabodza inasiya dzina la banki yanga pamwamba monga linalili, koma NIB yake inkayamba ndi manambala a banki ina. Dzina linkanena kwina, manambala akunena kwina.

Mtsikanayo anawonjezera china chimene sindidzaiwala. Anati manambala awiri omaliza aja ntchito yake n'kugwira zolakwika. Munthu akalakwitsa nambala imodzi polemba NIB, makina amaikana, ndalama sizichoka. Choncho kalata yanga yoyamba ikanakhaladi ndi cholakwika cha kalembedwe, bambo aja akanachiona okha poyesa kulipira. Ndiponso kukonza cholakwika kumasintha nambala imodzi kapena ziwiri. NIB yokonzedwa imene yasiyana ndi yoyamba kuyambira kumutu mpaka kumchira si yokonzedwa, ndi akaunti ya munthu wina.

Nanga dzina? Bambo aja anandiuza kuti akamalipira munthu wa banki yawo yomwe, dzina la mwini akaunti limaoneka asanavomereze. Tsiku limenelo ankatumiza ku banki ina, ndipo pa njira imene anagwiritsa ntchito dzina analemba okha, langa, makina osawatsutsa. Pa foni n'zosiyana, dzina la wolandira limaoneka ndalama zisanachoke. Koma akubawo anakonzekera zimenezinso. Kwa mayi wina wa golosale ku Mongue, amene anali ndi ngongole ya mametikali 14,500, analemba kuti ndalama atumize pa nambala inayake, patuluka dzina la mwamuna, asadabwe, ndi mchimwene wanga amene akundithandiza masiku ano a maliro. Dzina lachilendo litatuluka, m'malo momuimitsa linamutsimikizira kuti zonse zili monga anauzidwira. Anatumiza. A ku Limbuli analandira wawo m'Chichewa chosalala, pa nambala ya ku Malawi, wonena kuti mlamu wanga, amene ankatilandirira makwacha kumeneko, wachoka, tsopano azitumiza kwa wina. Mmodzi yekha wa kumeneko ndiye anatumiza, ndalama zochepa. Enawo anapulumuka chifukwa mlamu wangayo amamuona pa msika masiku onse, ndiye anangomufunsa kuti mukupita kuti, alamu?

Tinapita ku banki, tinapita ku polisi, nkhani inafika ku SERNIC, tinalemba zonse. Ndinaphunzira kuti wodandaula ku banki ayenera kukhala amene anatumiza ndalama, osati ine, chifukwa m'akaunti mwanga simunachoke kanthu. Bambo aja anadandaula ku banki yawo, banki yawo inalembera inzake. Yankho linabwera kuti ndalamazo zinachoka masiku oyambirira omwewo, zina pa makina, zina kupita ku manambala a foni angapo. Masiku amene ine ndinkachita manyazi kuimba ndi amene akubawo ankakolola. Mwini akaunti anapezeka kuti ndi mnyamata wina wa kutali amene anati anabwereketsa khadi lake kwa mnzake pomupatsa kangachepe. Za nambala ya ku Malawi ija, zinafunika kukadandaula kwa apolisi a tsidya linalo, popeza apolisi a dziko lililonse amafunsa makampani a m'dziko lawo. Kuchoka pamalo panga kufika pa Muloza ndi ulendo wa njinga, koma pa mapepala ndi milandu iwiri m'mayiko awiri. Ndalama sizinabwerere.

Kenako panabwera funso lowawa: waluza ndani? Munthu wodziwa malamulo amene ndinamufunsa anandiwerengera ndime 770 ya Código Civil, imene imati kulipira munthu wina amene si mwini ngongole sikuthetsa ngongoleyo, kupatula pa zifukwa zochepa zimene zalembedwa momwemo. Mwa lamulo, bambo aja anali asanandilipire. Koma ndikanawatengera kukhoti munthu amene anakhulupirira chidindo changa? Tinakumana ku Mocuba, ine ndi achimwene a malemu, iwo ndi akulu a mpingo wawo. Anati, "Mayi, ine chimanga ndinadya, ndalama ndinatulutsa. Inu chimanga munatulutsa, ndalama simunadye. Tonse talira." Tinagwirizana kugawana pakati. Anandipatsa 90,000 pang'onopang'ono, 90,000 inayo ndinaimeza. Kwa mayi wa ku Mongue ndinangokhululuka zonse, chifukwa ndalama imeneyo inali mpamba wake wonse.

Apa ndiye panali povuta kwenikweni, chifukwa ndinayenera kulengezanso. Makasitomala anali atasokonezeka. Ena anali ndi kalata ziwiri m'foni, ena anabwerera kukalipira ku akaunti ya malemu poganiza kuti kumeneko n'kotetezeka, ndalama n'kukatsekeredwa komweko. Ndipo ndinadziwa kuti chilichonse chimene ndingalembe, wakuba akhoza kuchilembanso. Ndikalemba kuti chenjerani ndi mauthenga abodza, iyenso alemba kuti chenjerani ndi mauthenga abodza. Anachitadi zimenezo: kasitomala wina anandisonyeza uthenga wa pa nambala yachilendo ija wochenjeza kuti akuba alanda nambala yanga yakale, asamaiyankhe. Ndinaona kuti umboni sungakhale mkati mwa uthengawo. Chidindo chimajambulika, siginecha imajambulika, mawu achenjezo amakopereka. Umboni uyenera kudzera njira imene kasitomala anali nayo kale kusintha kusanachitike, imene wakuba sanamupatse.

Njira zoterozo ndinali nazo zitatu: nambala ya foni yosindikizidwa pa mafatura athu akale, nkhope ya dalaivala wathu, ndi mawu anga. Khadi la foni la malemu ndinali ndisanalitaye, mwamwayi, ndipo nambala yake ndi imene ili pa fatura iliyonse imene tinapereka kwa zaka zonsezi. Ndinayamba kuimbira kasitomala aliyense payekha pa nambala imeneyo. Sindinkatchula NIB pa foni. Ndinkangonena kuti kalata ikubwera pamanja, ndipo mpaka itafika asalipire kulikonse, ngakhale ku akaunti ya malemu, ngakhale ku imene ili m'chithunzi chilichonse. Ndi bwino ndalama ichedwe sabata kusiyana n'kuti ipite kolakwika. Pa gulu lija ndinangolemba chiganizo chimodzi, kuti nkhani za akaunti ya bizinesi yathu sizidzalembedwanso pano, ndipo chithunzi chilichonse chokhala ndi NIB m'dzina lathu n'chabodza, kuphatikizapo chimene tinatumiza tokha. Ndinachita kuchipha chithunzi changa chomwe, chifukwa zikanakhala zoti china n'choona china n'chabodza, anthu akanayambanso kusankha ndi maso.

Kalata ya papepala inapita ndi dalaivala pa ulendo wa katundu, ziwiriziwiri, imodzi kusiya, ina kusayinitsa n'kubwera nayo. Ya ku Mocuba ndi ku Quelimane inali m'Chipwitikizi, ya kuno ndi ya tsidya lina m'Chichewa. Pamwamba panali dzina la banki, dzina langa lonse monga lilili ku banki, ndi NIB yolembedwa m'magulu kuti iwerengeke. Pansi pake panali mawu awa:

"Akaunti ya malemu yatsekedwa, musalipireko. Lipirani ku akaunti ili pamwambayi basi. Dzina la mwini wake ndi langa, ndipo mukaona dzina lina, ngakhale wina atakuuzani kuti ndi m'bale wanga, imani. Akauntiyi sidzasinthanso, ndipo sipadzabwera kalata yokonza ino. Sindidzakuuzani za ndalama pa nambala yatsopano. Mukalandira uthenga wotero musauyankhe, ndipo musaimbe nambala imene yalembedwamo. Tengani fatura yanu yakale, imbani nambala ili pamenepo. Musanalipire ndalama zambiri koyamba, tumizani mametikali 100, mudikire ndikuuzeni kuti afika."

Mzere wonena za nambala ya pa fatura yakale ndi umene ndinaulimbikira kwambiri. Mwana wanga ankafuna kulemba nambala yathu m'kalatamo kuti anthu asavutike. Ndinakana. Nambala yotsimikizira ikakhala m'kalata momwemo, wosintha NIB asinthanso nambalayo, ndipo kasitomala aimbira wakuba kumufunsa ngati ali woona. Fatura ya chaka chatha ili m'kabati mwa kasitomala, wakuba sangaifikire.

Za mametikali 100 zija zili ndi kachitidwe kake, ndipo wina akazichita mosasamala sizithandiza. Kasitomala akatumiza n'kundilembera kuti ndatumiza 100, mwalandira? Wakuba nayenso ayankha kuti eya. Ndiye tinkatere: kasitomala amasankha yekha ndalama yosakwana bwino, kaya 107, kaya 93, osandiuza. Akatumiza amaimba pa nambala yakale, ine ndimayang'ana m'akaunti n'kumutchulira ndalamayo. Ndikaitchula molondola, wadziwa kuti amene akulankhula naye pa nambala yodziwika ndi amene akuona m'akaunti imene watumizako. Zikadutsa m'mabanki awiri osiyana zimatha kuchedwa mpaka tsiku lotsatira la ntchito, ndiye pamafunika kudekha. Akatsimikiza, amaisunga akauntiyo m'foni kapena ku banki kwake, kuti ulendo wina asadzalembenso manambala kuchokera pa pepala kapena pa uthenga uliwonse. Ndalama yoyesera ndimaichotsera pa ngongole.

Sindikunena kuti njira imeneyi ilibe mpata. Nambala yakale nayonso imabedwa. Masiku omwewo ndinalandira uthenga wa manambala 6 ochokera ku WhatsApp ndisanapemphe, kenako munthu anaimba mwaulemu kwambiri, akuti ndi wa gulu la amalonda, analakwitsa polemba nambala yake, ndimuwerengere manambalawo. Ndikanawerenga, WhatsApp ya nambala ya malemu ikanasamukira m'foni mwake, ndipo uthenga wabodza ukanachokera pa nambala yeniyeni, pansi pa macheza athu akale. Ndinadula foni. Mwana wanga anaika nambala yachinsinsi yachiwiri pa WhatsApp tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ndimawauza makasitomala kuti aziimba foni yeniyeni n'kumva mawu anga, osati kulemba. Palinso oba khadi lenilenilo, opita kukatenga lina m'dzina lako ndi mapepala abodza. Chizindikiro chake n'chakuti foni yako imangofa netiweki pamene za anzako zikugwira. Kuno netiweki imasowa kawirikawiri moti munthu akhoza kukhala tsiku lonse akuganiza kuti ndi mlongoti. Tsopano ikasowa ndimafunsa woyandikana naye wa kampani yomweyo, ndipo yake ikakhala ikugwira ndimathamangira ku ofesi yawo.

Chinyengocho chilinso ndi mbali ina, yoloza kwa ine wolandira. Mnyamata wina anabwera kudzatenga matumba a nyemba, akuti watumidwa, ndalama zalowa kale, ndione uthenga. Uthenga unalowadi m'foni mwanga, wolembedwa ndendende ngati wa ku banki, ndalama ndi tsiku zili momwemo. Koma unachokera pa nambala wamba ya foni, ndipo unakhala pawokha, osati pansi pa mauthenga ena a banki. Ndinamuuza kuti adikire ndione m'akaunti. Anati akukagula madzi, sanabwerenso. Kuyambira pamenepo katundu satuluka chifukwa cha uthenga kapena chithunzi cha risiti. Amatuluka ndikaona ndalama yotsala m'akaunti yakwera.

Amene anachita zonsezi sindinamudziwe mpaka lero, ndipo ichi chimandidya kuposa ndalama. Pa gulu lija aliyense akanatha kutenga chithunzi ndi manambala a foni a anzake. Koma kudziwa kuti bambo a ku Mocuba alipira Lachisanu, kuti mayi wa ku Mongue ali ndi ngongole, kuti makwacha amalandira ndi mlamu wanga, zimenezo sizinalembedwe pa gulu. Mwina zinamveka pokweza katundu, mwina pa maliro pomwe, pamene anthu ankakambirana za amene ali ndi ngongole ya malemu. Kwa miyezi ndinkayang'ana antchito anga ndi diso loipa, anthu amene ananyamula bokosi la amuna anga. Sindinachotse aliyense, popeza ndinalibe umboni, ndipo kuloza munthu chala pa nkhani yotere kuno n'kumuphera mbiri yake yonse. Kaundula wa ngongole ndiye ndinamuchotsa pa tebulo, amakhala kunyumba.

Kuimitsa malipiro kunali ndi mtengo wakenso. A tsidya lina ndinawauza kuti adikire mpaka ndifike ndekha pa Limbuli. Ndili mkati mozungulira, mu Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ngongole zawo zinali zolembedwa m'makwacha, ndipo pamene ndinkazitolera n'kukasintha, mametikali ake anali ochepa kuposa amene ndinkayembekezera. Osintha ndalama a pa malire anali atayamba kale kuitsitsa boma lisanalengeze, choncho sikuti ndinaluza gawo lonselo, koma zinandipweteka ndithu.

Ena anakhumudwa ndi kalata yanga. Bambo wina wa ku Quelimane anati ndikumutenga ngati mwana, iye wakhala akuchita malonda ine ndisanabadwe, sangatumize 100 ngati akugula tomato. Ndinamuyankha kuti, "Bambo, si inu amene ndikukukayikirani. Ndikufuna inuyo mundikayikire ine." Anaseka, anatumiza 112.

Mapepala a chuma cha malemu anatuluka patapita nthawi, ndalama za m'akaunti yakale zinagawidwa monga mwa lamulo. Wondithandiza za misonkho wakhala akundiuza kuti nditsegule akaunti m'dzina la bizinesi, chifukwa mabungwe ndi masukulu ogonera komweko amene amagula chimanga chambiri safuna kulipira ku akaunti ya munthu. Akunena zoona, ndipo oda ina yandidutsa chifukwa cha chimenechi. Koma ndinalemba ndi dzanja langa kwa anthu onse aja kuti akauntiyi sidzasinthanso, ndipo amene adzanene zosiyana ndi wakuba. Tagwirizana kuti akaunti ya bizinesiyo ndikaitsegula idzakhala ya makasitomala atsopano okha, amene adzailandira pa mgwirizano wosayinirana maso ndi maso. Akale apitiriza kulipira kumene akulipira pano, ngakhale zitanthauze kusunga maakaunti awiri ndi kulipira banki kawiri mwezi uliwonse.